Ndinkaganiza kuti Mary ndine

Ndili mwana, mayi anga ankalima matimati kudimba. Lachisanu madzulo tinkathyola oti akagulitse kumsika Loweruka. Achemwali anga ankadzaza madengu awo n'kumapita, koma dengu langa mayi ankalikhuthulira pansi n'kuyamba kusankha. "Iwe mwana iwe, maso ako ali kuti? Awa ndi aawisi, sukuona kubiriwiraku?" Ndinkayang'ana milu iwiri imene apanga, wina amati wakupsa wina wauwisi, ine osaona chosiyanitsa chenicheni. Ndinaphunzira kuthyola ndi zala. Lakupsa limafewa pang'ono ukalisindikiza, ndipo limathothoka msanga pamtengo. Zolakwa zinachepa, nkhani n'kuiwalika.

Chifukwa chake ndinachidziwa ndili ndi zaka za m'ma 20, nditapita kuchipatala cha maso pa vuto lina. Adokotala anatsegula kabuku ka madontho amitundumitundu, kamene anakonza dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, m'chaka cha 1917. Tsamba loyamba ndinawerenga 12, adokotala n'kugwedeza mutu kuvomera, pakuti limenelo aliyense amaliwerenga. Tsamba lina ndinati 21. Iwo anati pamenepo palembedwa 74. Pa tsamba lolembedwa 26 ndinaona 2 yekha. Anandifotokozera kuti kumbuyo kwa diso kuli timaselo tamitundu itatu totchedwa makoni, ndipo kwa ine mtundu umodzi, umene umagwira kwambiri kuwala kobiriwira, kulibe kapena sugwira bwino ntchito. Anati ndinabadwa nazo, ndipo mankhwala ake palibe.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa fizikisi kusekondale, ndipo phunziro la kuwala ndimalikonda. Ndimaika pulizimu, kagalasi ka makona atatu, pazenera, kuwala kwa dzuwa n'kumwazika pakhoma, ana n'kumatchula mitundu mokuwa. Manambala ake ndimawadziwa pamtima. Diso la munthu limaona mafunde a kuwala otalika kuyambira pafupifupi 400 kufika pafupifupi 700 pa muyeso waung'ono kwambiri wa kutalika wotchedwa mananomita. Kufiira kuli kumtunda, cha ku 650. Makoni atatu aja amadzidzimuka kwambiri cha pa 420, 530 ndi 560, ndipo ubongo umayerekeza mayankho awo kuti upeze mtundu. Zonsezi ndimalemba pabolodi chaka ndi chaka, koma mbali ya khoma imene ana amati ichoka pa kufiira, kudutsa chikasu, kukafika pa kubiriwira, kwa ine imaoneka ngati mtundu umodzi umene ukungowala ndi kuzimirira.

Amene anandiuza za Mary ndi mphunzitsi mnzanga wamkulu, amene anaphunzirako filosofi kuseminale. Anandipeza m'chipinda cha aphunzitsi ndikuyeza marezisita, tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi, ndi mita limodzilimodzi, chifukwa timizere tawo tofiira, todera ndi tobiriwira sinditha kutiwerenga. Nditawafotokozera, anakoka mpando.

"Achimwene, munamvapo za Mary wa m'chipinda chopanda mitundu?"

Nkhaniyi anaipeka katswiri wa filosofi wa ku Australia, Frank Jackson, m'nkhani imene anasindikiza mu 1982, ndipo anailembanso momveka bwino mu 1986. Mary ndi wasayansi wanzeru zosaneneka. Chibadwire amakhala m'chipinda momwe zonse ndi zakuda, zoyera kapena zotuwa. Mabuku ake ndi otero, wailesi yake ya kanema ndi yosaonetsa mitundu. Ali momwemo amaphunzira chilichonse chimene sayansi ya zinthu zogwirika inganene pa nkhani ya kuona: kutalika kwa mafunde ochokera pa thimati lakupsa, zimene makoni amachita, njira imene uthenga umayenda m'mitsempha, zimene zimachitika mu ubongo mpaka pakamwa patuluke mawu oti "kumwambaku kuli buluu". Palibe chotsala. Tsiku lina chitseko chatsegulidwa, Mary watuluka, waona thimati lofiira psuu. Funso ndi lakuti, kodi waphunzirapo kanthu katsopano?

Jackson anati inde, ndipo mfundo yake ili ndi masitepe atatu okha. Asanatuluke, Mary ankadziwa zoona zonse zokhudza zinthu zogwirika. Atatuluka anadziwa choona china chimene sankachidziwa, ndicho mmene kufiira kumaonekera kwa amene akukuona. Ndiye kuti pali zoona zina zimene si za zinthu zogwirika, ndipo chiphunzitso chotchedwa fizikalizimu, chonena kuti zonse zimene zilipo ndi thupi, ubongo, maatomu ndi mphamvu zake basi, n'cholakwa. Mamvekedwe a m'kati amenewa, kufiira kwa kufiira, kuwawa kwa ululu, akatswiri amawatcha makwaliya.

Mtima wanga unagunda. Ndinati, "Akulu, Mary ameneyo ndine. Manambala onse ndili nawo, koma kufiira sindikudziwa. Mkuluyo ananena zoona, palibenso chokambirana." Iwo anangoti ndikaganize bwino sabata yonse. Ndikulemba izi chifukwa cha zimene ndinapeza pa sabata imeneyo ndi miyezi yotsatira, pakuti ndaona ophunzira ambiri akugwa m'maenje omwe ndinagwamo ine.

Dzenje loyamba ndi losazama. Ukaifotokoza nkhaniyi, wina amati Mary akadzicheka aona magazi, wina amati akatikita zikope aona timitundu. N'zoona, koma sizikhudza mfundo. Muvekeni magalasi ochotsa mitundu, nkhani ipitirira. Musataye nthawi pamenepo.

Dzenje lachiwiri ndi limene ndinagwamo mutu pansi. Ine sindine Mary, chifukwa Mary amadziwa zonse, pamene ine ndimadziwa masamba ochepa a buku la Fomu 3 ndi zina zimene ndinawerenga kukoleji. Kusowa kwanga kukungoonetsa kuti kudziwa pang'ono sikukwanira, ndipo zimenezo palibe amene anazikanapo. Mawu oti "zonse" ndi amene anyamula katundu yense. Katswiri wa filosofi wa ku Amerika, Daniel Dennett, anakanikiza pomwepo mu 1991. Anati tiyeni tiimalize nkhaniyi mwa njira ina. Omutulutsa Mary afuna kumupusitsa, amupatsa nthochi yopakidwa buluu. Mary angoiyang'ana n'kuwauza kuti amunamiza, nthochi yakupsa imakhala yachikasu ndipo iyi ndi yabuluu. Wadziwa bwanji? Ankadziwiratu chilichonse chimene chikasu chingachite mu ubongo wake, mpaka maganizo amene chingadzutse, ndipo zimene zachitika si zimenezo. Dennett sankati watsimikizira kuti zingathe choncho. Ankati palibe mmodzi wa ife amene angaone m'maganizo kukula kwa "zonse", ndiye tikamati n'zachidziwikire kuti Mary adabwa, tikuganizira munthu wodziwa zambiri ngati dokotala wamkulu, osati wodziwa zonse. Ine sindikhulupirira kuti Mary angaizindikire nthochiyo, koma ndinavomera kuti umboni wanga ndi wakuti mtima ukundiuza choncho, basi. Kuvomera kumeneko kunandiwawa, chifukwa ndinkaganiza kuti maso anga andipatsa ulamuliro pa nkhaniyi.

Sabata itatha tinakumananso, ndipo akulu aja anandifunsa funso limene linasintha zonse. Anati ndipange ziganizo zitatu ndi mawu oti kudziwa. Ndinati, ndikudziwa kuti Lilongwe ndi likulu la dziko. Ndimadziwa kupalasa njinga. Amalume anu ndimawadziwa.

"Mwaona? Mawu ndi amodzi, koma ntchito zitatu. Tsono Mary akatuluka, wapeza kudziwa kwa mtundu uti?"

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. Mfundo ya Jackson imagwira pokhapokha chimene Mary wapeza chili cha mtundu woyamba, kudziwa kuti chakutichakuti n'choona. Mu sitepe yoyamba, "kudziwa zonse" ndi kudziwa kwa m'mabuku, kwa ziganizo zimene zingakhale zoona kapena zabodza. Ngati "kudziwa" kwa mu sitepe yachiwiri kuli kwa mtundu wina, ndiye kuti mawu asintha malaya pakati pa njira, ndipo sitepe yachitatu siitsatira. Katswiri wina, Paul Churchland, ananena zimenezi mu 1985. Mukamawerenga nkhani iliyonse yokhudza Mary, yambani mwafunsa kuti wolembayo waika kudziwa kwatsopanoko m'dengu liti. Mukapeza dengulo mwapeza mbali imene waima.

Akatswiri ena awiri, Laurence Nemirow ndi David Lewis, anakuika m'dengu la njinga. Munthu akhoza kuloweza buku lonse la kapalasidwe, kagwiridwe ka handulo, kapendekedwe pokhota, koma n'kugwa tsiku loyamba. Akadzatha kupalasa sanapeze choona chatsopano chokhudza dziko, wapeza luso. Kwa iwo Mary wapeza maluso atatu: kuzindikira kufiira akakuona, kukukumbukira, ndi kukuona m'maganizo atatsinzina. Earl Conee mu 1994 anakuika m'dengu la amalume. Ukhoza kumva mbiri yonse ya munthu, msinkhu wake, mudzi wake, kalankhulidwe kake, koma anthu sanena kuti umamudziwa mpaka mutakumana. Mary wangokumana ndi kufiira.

Ndinayesa yankho la luso pa moyo wanga, ndipo poyamba ndinaliyesa molakwa. Ndinati luso ndili nalo kale: matimati ndimasankha ndi zala, maroboti a pamsewu ndimawawerenga poona kuti layaka ndi lapamwamba kapena lapansi, marezisita ndimayeza ndi mita, koma kufiira sindikudziwabe, ndiye luso si yankho. Akulu aja anandikonza. Lewis sankanena za luso lofika pa yankho lolondola mwa njira iliyonse. Ankanena za kuzindikira ndi diso lenilenilo, ndi kukumbukira, ndi kuona m'maganizo, ndipo maluso amenewo ndilibedi. Moyo wanga sukutsutsa Lewis, ukugwirizana naye bwinobwino. Ndikukuchenjezani pa ichi chifukwa ndi cholakwa chokoma kuchita, chimamveka ngati wapha njoka.

Chimene chinanditsalira pakhosi ndi china. Tsiku lina mayi a kunyumba anagula chitenje, n'kuchitambasula pabedi. "Abambo, taonani maluwawa mmene akuwalira pa masambawa." Ndinayang'ana. Ndinaona kuti pali zojambula, koma maluwa ndi masamba zinali ngati zasungunukirana. Ndinayang'ana nkhope yawo, maso ali mbee ndi chisangalalo, ndipo chimene ndinkasowa pa nthawi imeneyo sichinamveke ngati luso. Chinamveka ngati funso lokhala ndi yankho: kodi mkazi wangayu, pa zaka zonse takhala limodzi, wakhala akuona chiyani? Pambuyo pake ndinapeza kuti Jackson anayankha Nemirow ndi mfundo yomweyo mu 1986. Anati chimene Mary amazindikira si za iye yekha. Amazindikira kuti nthawi yonse imene ankaphunzira ubongo wa anthu ena, panali kanthu m'moyo wawo kamene sankakadziwa, ngakhale ankadziwa mtsempha uliwonse. Maluso atsopano wapezadi, anatero Jackson, koma wapezanso choona chokhudza anthu ena. Munthu amene wangodziwa kupalasa njinga satembenuka n'kunena kuti "kani anzanga zinkawakhalira chonchi" mwa njira yoti akhoza kulondola kapena kulakwa. Mary akhoza kunena, ndipo akhoza kulondola.

Pamenepa ndinaona ngati Jackson wapambana. Koma pali yankho lachitatu, ndipo ndi limene landisunga maso usiku kuposa onse. Limavomera kuti Mary wapeza kudziwa kwa mtundu woyamba, koma limati choonacho ndi chakale, changobwera pa khomo lina. Terence Horgan ndi Brian Loar ndi ena mwa amene analikonza. Ine ndimalimvetsa ndi nthanda. Mlimi amadziwa nthanda, imene imatuluka kum'mawa m'bandakucha. Amadziwanso nyenyezi yowala kwambiri imene nyengo zina imaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Tsiku limene auzidwa kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi, pulaneti ya Venusi, waphunzira kanthu ndithu, ndipo akhoza kudabwa. Koma kumwamba sikunawonjezeke nyenyezi. Chimodzimodzi, Mary ankadziwa kale zimene zimachitika mu ubongo wa woona kufiira, kudzera m'manambala ndi zithunzi zotuwa. Tsopano zomwezo zachitika mu ubongo wake, ndipo wazidziwa kuchokera m'kati. Njira ziwiri, chinthu chimodzi.

Yankho limeneli lili ndi pothera pake, ndipo ndi bwino kupadziwa. Mlimi uja anadabwa chifukwa panali zina zimene sankadziwa, monga njira imene Venusi amazungulira dzuwa. Akanadziwa zonse za kumwamba, akanawerengera yekha kuti nyenyezi ziwirizo ndi imodzi. Mary tamupatsa zonse, nanga bwanji iye sangawerengere? Otsatira Loar amayankha kuti njira ya m'kati ndi yapadera, siitseguka ndi kuwerengera, imatseguka ubongo ukalowa mu mkhalidwe umenewo, monga kudziwa zonse za mimba sikumupatsa munthu pathupi. Otsutsa amafunsa kuti nanga chimene chimaipangitsa njirayo kukhala yapadera n'chiyani, ngati si kanthu kena kamene sikali m'mabuku a Mary. Mkangano wafika pamenepo, ndipo akatswiri akadali mbali ziwiri.

Chimene chinandigwedeza kwambiri ndi chakuti mwini nkhani anasintha maganizo. Mu 1982 Jackson ankakhulupirira kuti makwaliya amabadwa kuchokera mu ubongo koma iwo sachititsa kanthu kalikonse m'thupi, ngati mthunzi umene umatsatira munthu koma sungagwetse ngakhale tsamba. Taganizirani zimene izi zikutanthauza kwa Mary. Waona thimati, wakuwa kuti "ha, kani n'chonchi!", mawa akukumbukira, akulemba m'buku. Kukuwako, kukumbukirako ndi kulembako ndi zochitika za mitsempha ndi minofu, ndipo zili ndi zoyambitsa zake zogwirika. Ngati kufiira kwa m'kati sikuchititsa kanthu, ndiye kuti si kumene kwamukuwitsa, ndipo akanakuwa chimodzimodzi ngakhale kukanapanda kukhalapo. Nanga tingati bwanji kukuwako ndi umboni wakuti wadziwa chinthu chosagwirika? Mu 1998 Jackson analemba poyera kuti sakuivomerezanso mfundo yake. Pambuyo pake anafotokoza kuti kuona mtundu ndi njira imene ubongo umatisonyezera mmene zinthu zakunja zilili, mwachangu ndi mwa mtolo umodzi, ndipo chifukwa n'zosiyana kwambiri ndi kuwerenga buku, timanyengeka kuganiza kuti takhudza chinthu cha dziko lina. Pa zimene Mary amapeza, anafika pafupi ndi Lewis. Kubwerera kwa mwini sikupha mfundo, pakuti mfundo imaima ndi miyendo yake, ndipo alipo akatswiri ngati David Chalmers amene amaiteteza mpaka lero. Koma chifukwa chimene anabwererera n'cholemera, ndipo aliyense wofuna kuima ndi Jackson wa 1982 ayenera kuchiyankha.

Ine ndaima apa. Ndikukhulupirira kuti Mary amaphunzira kanthu, ndipo kanthuko n'koposa luso, chifukwa cha chitenje chija. Koma sindikhulupiriranso kuti zimenezi zokha zikutsimikizira kuti pali chinthu kunja kwa thupi. Chimene ndikusowa ine chili ndi adiresi yake, makoni a 530 ogwira kuwala kobiriwira aja, ndipo akanakhalapo bwenzi ndikuona. Zimandivuta kunena kuti chimene chatsekedwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso n'chosagwirika. Ndiye ndimatsamira ku nthanda, ndikudziwa kuti funso la chifukwa chimene Mary sangawerengere sindinalimalize. Pa za mzimu ndili ndi chikhulupiriro changa, ndipo sindichimangira pa chipinda cha Mary, chifukwa chingwe chake n'chochepa mphamvu kuposa mmene ndinkaganizira.

Nkhani ya 1982 ija ndinadzaiwerenga ndekha mochedwa, akulu aja atandibwereka mapepala ake. Ndinapezamo munthu amene ambiri samutchula, ndipo amabwera Mary asanabwere. Dzina lake ndi Fred. Mukamupatsa matimati akupsa, onse ofiira mofanana kwa anthu ena, iye amawagawa milu iwiri. Mumumange kumaso, musakanize, mumumasule, agawanso milu yomweyo osaphonya. Fred amaona mitundu iwiri pamene ena akuona umodzi, ndipo kwa iye ndi yosiyana ngati chikasu ndi buluu. Jackson akuti anthu onse kwa Fred ali ngati mmene munthu wosasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira alili kwa anthu onse. Mukhoza kuyeza diso lake ndi ubongo wake mpaka kumapeto, koma kodi mudzadziwa mtundu winawo mmene umaonekera? Ndinaika mapepala pansi. Malo anga m'nkhaniyi ndinawapeza. Sindine wotsekeredwa amene akudikira chitseko, ndine mmodzi wa oimirira pambali, akuyang'ana wina akugawa milu.

Pa tchuthi ndinapita kumudzi n'kuwapeza mayi pakhonde akusankha matimati m'lichero. Ndinawafotokozera za kabuku ka madontho, ndi kuti vutoli limayenda m'magazi, mwana wamwamuna amalitengera kwa mayi ake ngakhale mayiwo akuona bwino, ndipo kawirikawiri limakhala litachokera kwa bambo a mayiwo. Anasiya kusankha. Anati agogo anga aamuna sankatumidwa kukathyola tsabola, chifukwa ankabwera ndi wosakaniza, ndipo anthu ankati ndi mphwayi.

"Mwana wanga, ndikanadziwa sindikanakukalipira kudimba kuja."

Anatola matimati awiri n'kundiika m'manja, lina kumanja lina kumanzere, n'kundifunsa kuti ineyo ndikuwaona bwanji. Ndinayesa kuwauza. Ndinati onse awiri akufanana, kungoti ili ladera pang'ono. Anawayang'ana nthawi yaitali, akutsinzina diso limodzi, kenako linalo, kufuna kuona zimene ndikuona.